Kalata yobwera m'kireti ya buledi

Kusanache bwinobwino ku Luwinga, chifunga chikadali chokuta msewu wa M1, njinga za makireti zimakhala zayamba kale ulendo.

Mnyamata wovala chijasi wakwera njinga yomangirira makireti atatu kumbuyo. Waima pa golosale ina yaing'ono pafupi ndi nyumba zomwe ophunzira a pa Mzuzu University amachita lendi. Mayi wa golosaleyo wangotsegula kumene zenera logulitsira, chitenje ali nacho m'mapewa chifukwa cha kuzizira.

Mnyamatayo watsitsa kireti imodzi, ndipo awerenga limodzi malofu 20. Kenako wapisa dzanja pansi pa pulasitiki n'kutulutsa pepala lopinda pawiri, lokhala ndi chidindo cha bekale.

“Amama, abwana akuti muwerenge iyi.”

Mayiyo sanafunse kuti ndi ya chiyani. Pepala lobwera ndi buledi silikhala la ukwati kapena la chinkhoswe.

Waliwerenga ataimirira, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Lofu imodzi ikwera ndi K200, koma osati lero. Kwatsala masabata awiri.

Walipinda n'kuliika m'kope la ngongole.

“Ukawauze kuti ndamva. Koma tsikulo likadzafika, uzidzandibweretsera 15 kaye.”

Kalata yotere ndi yosowa m'malonda ang'onoang'ono a kuno. Nthawi zambiri mtengo watsopano umabwera ndi pakamwa pa wonyamula katundu, m'mawa womwewo, katundu ali kale pakhomo. Wa golosale amakhala atawerenga ndalama zake usiku, zokwanira mtengo wakale. Amayamba kukangana ndi mnyamata yemwe sadziwa n'komwe mtengo wa thumba la fulawa.

Yankho limakhala limodzi kulikonse: “Kooda kwakwera.”

Mawuwo ndi oona, koma sathandiza munthu amene ayenera kukagulitsanso buledi yemweyo kwa anthu ena. Iye akufunika kudziwa kuti wakwera ndi zingati, kuyambira liti, ndipo n'chifukwa chiyani wakwera ndi ndalama imeneyo osati ina. Kalata yabwino imayankha mafunso atatuwo, ndipo ntchito yeniyeni ya kalatayo imachitika isanalembedwe, pa tebulo, ndi cholembera ndi malisiti.

Ulendo wa thumba la fulawa

Kuti timvetse chomwe chimakakamiza wophika buledi wa ku Luwinga kulemba kalata, tiyenera kutsata thumba la fulawa kubwerera komwe lachokera.

Tirigu amene amalimidwa m'Malawi ndi wochepa kwambiri. Pafupifupi fulawa yense wa buledi amachokera ku tirigu wogula kunja, wolipiridwa ndi madola. Amabwera pa sitima zapanyanja mpaka ku madoko a ku Mozambique monga Nacala, n'kudzagayidwa m'zigayo zikuluzikulu za ku Blantyre ndi Lilongwe.

Kuchoka pamenepo, thumbalo limakwera lole. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 350, kudutsa Kasungu, Jenda ndi zitunda za Chikangawa. Kuchokera ku Blantyre ndi oposa 600. Kilomita iliyonse imadya dizilo, ndipo dizilo nayenso ndi wa madola.

Choncho wophika wa ku Mzuzu amalipira dola kawiri: pa tirigu ndi pa msewu.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, tirigu anakwera mtengo pa dziko lonse, poti maiko awiriwo ndi ena mwa ogulitsa tirigu kwambiri. Mu Meyi chaka chomwecho, Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Pa 9 Novembala 2023 inaichepetsanso, ndipo dola imodzi yomwe inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 kubanki inafika pa K1,700. Mtengo wa dola unakwera ndi 44 peresenti usiku umodzi.

Tsiku lotsatira bungwe la MERA linakweza mafuta. Petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, dizilo pa K1,920 kufika pa K2,734.

Chaka chonse cha 2024, kukwera mitengo kwa zinthu kunali kuzungulira pa 30 peresenti. Madola anapitiriza kusowa m'mabanki, ndipo amalonda ambiri ankawapeza kumsika wakuseri pa mtengo wokwera kwambiri kuposa wa kubanki. Mu Febuluwale 2025, ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa mabelo unkasintha mwadzidzidzi.

Shuga yekha ndiye wapafupi, wochokera ku Dwangwa. Yisiti, mafuta ena ophikira, mapepala okulungira, zitsulo za makina osakanizira, zonsezi zili ndi dola mkati mwake, kaya zadzera ku Songwe kuchokera ku Tanzania kaya zadzera kummwera.

Zimenezi aliyense wa ku Luwinga akuzidziwa. Nkhani ili pa zimene wophika amachita nazo.

Masamu a thumba limodzi

Tiyeni tiyerekeze bekale yaing'ono, ya uvuni umodzi ndi antchito ochepa, yotumiza buledi m'magolosale ndi m'malo omwera tiyi a ku Luwinga, Area 1B ndi Nkhorongo. Manambala otsatirawa ndi oyerekeza, osankhidwa kuti akhale osavuta kuwerenga. Mwini bekale aliyense angaike ake.

Thumba la fulawa ndi makilogalamu 50. Mukathira madzi, shuga, mchere, yisiti ndi mafuta, mtanda wake umapitirira pang'ono makilogalamu 80. Mukamadula magalamu 800 pa lofu iliyonse, yomwe ikapsa imatsikira cha ku magalamu 700, thumba limodzi limakupatsani malofu pafupifupi 100.

Tinene kuti thumbalo ankaligula K100,000. Zina zonse zofunika kuti malofu 100 aja afike pakhomo la kasitomala, monga shuga, yisiti, mafuta, nkhuni kapena magetsi, mapepala, malipiro a antchito, lendi ndi kabaza, zinkakwana K75,000. Zonse pamodzi K175,000, kutanthauza K1,750 pa lofu imodzi.

Ankagulitsa kwa a magolosale pa K2,000. Phindu linali K250 pa lofu, K25,000 pa thumba.

Tsopano wapita kooda, wapeza fulawa ali pa K115,000. Wakwera ndi 15 peresenti. Mafuta ophikira ndi yisiti zawonjezera K3,000 pa thumba, wa kabaza wawonjezera K2,000. Zonse zakwera ndi K20,000.

Lofu imodzi tsopano ikumudyera K1,950. Akapitiriza kugulitsa pa K2,000, atsala ndi K50 pa lofu. Phindu la pa thumba latsika kuchoka pa K25,000 kufika pa K5,000.

Fulawa wakwera ndi 15 peresenti yokha, koma magawo anayi mwa asanu a phindu apita.

Umu ndi momwe mabizinesi ang'onoang'ono amafera mwakachetechete. Makasitomala ali pomwepo, uvuni ukuyaka tsiku lililonse, ndalama zikulowa m'kabati, koma tsiku lina mwini wake amapeza kuti sizikukwanira kugula matumba omwe ankagula. Amayamba kugula atatu m'malo mwa anayi, n'kumaganiza kuti antchito akumubera.

Pali cholakwika china cha mbali inayo, ndipo chimenechi ndiye chimakwiyitsa ogula. Wophika amva kuti fulawa wakwera ndi 15 peresenti, nayenso n'kukweza buledi ndi 15 peresenti, kufika pa K2,300. Koma fulawa si buledi yense. Lendi sinakwere, malipiro a antchito sanakwere. Chomwe chawonjezereka pa lofu imodzi ndi K200 basi, ndiye kuti 10 peresenti ya mtengo wakale. K100 yapamwambayo ndi phindu latsopano lobisala kumbuyo kwa dzina la fulawa.

Kwacha itagwa mu Novembala 2023, khalidwe limeneli linaoneka poyera. Ena anakweza ndi 44 peresenti kapena kuposera apo, ngakhale pa katundu yemwe mbali yake yaikulu ndi ya konkuno. Ena anatseka mashopu kapena kubisa katundu podikira mitengo yatsopano. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, Competition and Fair Trading Commission, linachenjeza amalonda za mchitidwewu.

Wophika wathuyu akafuna kubwezeretsa phindu lake lakale, mtengo wake ndi K2,200. Akafuna kugawana ululuwo ndi makasitomala ake, angaike K2,150, n'kulolera kuti phindu lake litsike kufika pa K200. Koma K50 imabweretsa vuto la chenje m'mawa uliwonse, ndipo ambiri amakonda nambala yathunthu.

Njira ya mpeni

Pali njira ina yosafuna kalata, ndipo ndi yokopa kwambiri.

Mtanda ndi makilogalamu 80 omwe aja. Mukauza wodula kuti achepetse lofu iliyonse kuchoka pa magalamu 800 kufika pa 720, thumba limodzi litulutsa malofu 111 m'malo mwa 100. Malofu 11 owonjezerawo, pa mtengo wakale wa K2,000, ndi K22,000. Kukwera konse kwa K20,000 kwabwezedwa popanda kuuza munthu aliyense.

Mtanda wochepawo amausiya ufufume nthawi yaitali kuti udzaze chitini. Pa shelefu lofu imaoneka yomweyo.

Koma mayi wa malo omwera tiyi amadziwa tsiku loyamba. Iye amagulitsa buledi wodula, ndipo amadziwa kuti lofu imodzi imatuluka zidutswa zingati. Mpeni ukalowa, buledi amaphwanyika, mkati muli mabowo akuluakulu, majarini sagwira. Kasitomala amadya zidutswa zomwe ankadya kale koma amadzuka asanakhute. Lofu ukaifinya m'manja imaphwa osabwerera, ndipo imauma msanga.

Wa golosale amene ali ndi sikelo angatsimikize m'mphindi imodzi.

Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yoipa kuposa kukweza mtengo kulikonse. Mtengo ukakwera poyera, wogula amasankha: agule, achepetse, kapena apite kwina. Lofu ikachepa mobisa, wamulanda mwayi wosankhawo. Ndipo ngati pa pepala lokulungira palembedwa kulemera kwina pomwe mkati muli kwina, imeneyo yakhala nkhani ya a Malawi Bureau of Standards, omwe amayang'anira miyezo ndi masikelo.

Wophika amene akufuna kuthandiza anthu a ndalama zochepa angathe kupanga lofu yaing'ono, ya mtengo wakewake, n'kunena poyera kuti iyi ndi yaing'ono. Zimenezo n'zosiyana ndi kuchepetsa yaikulu mwakachetechete.

Zomwe zili m'kalatamo

Kalata yokha ndi yaifupi. Potengera manambala a chitsanzo chathu, ingamveke motere:

“Okondedwa makasitomala athu,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira Lolemba pa 16 mwezi uno, lofu imodzi ya buledi woyera tidzakhala tikuigulitsa K2,200 m'malo mwa K2,000. Mabanzi ndi masikono mtengo wake sukusintha.

Thumba la fulawa lomwe tinkagula K100,000 tsopano tikugula K115,000, ndipo mafuta ophikira, yisiti ndi mayendedwe nazonso zakwera. Tawerenga, ndipo pa lofu imodzi zawonjezereka K200. Imeneyo ndi yomwe tawonjezera. Kulemera kwa lofu kukhala komweko.

Buledi yense amene mutenge mpaka Lamlungu pa 15 ndi wa mtengo wakale. Ngongole zomwe zili kale m'buku mudzabweza pa mtengo womwe munatengera.

Amene mukufuna kusintha kuchuluka kwa oda yanu, mutiuze pofika Lachisanu pa 13. Amene mukufuna kuona malisiti a kooda, bwerani ku bekale.

Zikomo chifukwa chogula kwa ife.”

Pansi pake pali dzina la mwini wake, siginecha, chidindo ndi tsiku lolembera.

Chiganizo choyamba chanena kale zonse zofunika: chinthu, mtengo wakale, mtengo watsopano, tsiku. Wa golosale amawerenga ataimirira, kasitomala akumudikira pa zenera. Kalata yoyamba ndi ndime ziwiri zofotokoza za mavuto a chuma cha dziko, mtengo n'kudzabwera kumapeto, imamutopetsa ndipo imaoneka ngati ikubisa kanthu.

Mitengo yalembedwa m'makwacha, osati m'maperesenti. Munthu wowerenga ndalama za m'kabati safuna kuyamba masamu m'mawa.

Chifukwa chake chatchulidwa ndi dzina ndiponso nambala. “Zinthu zakwera” ndi mawu amene aliyense anganene. “Fulawa wachoka pa mtengo wakuti kufika pa wakuti” ndi mawu amene wa golosale angakawatsimikize yekha kwa ogulitsa zinthu mopikulitsa m'tauni. Iye nayenso amagula fulawa wa mandasi, ndipo bodza angaligwire tsiku lomwelo.

Kalatayo yanenanso zomwe sizikusintha. Chiganizo chokhudza kulemera kwa lofu chimatseka pakamwa mphekesera zisanayambe, komanso chimamumanga mwini bekale kuti asadzagwire mpeni uja.

Palibe kupepesa kobwerezabwereza. Wophika sanalakwe pogula fulawa wodula. Kalata yodzaza ndi “pepani” imapangitsa wowerenga kuganiza kuti mtengowo ndi wokambirana, ndipo Lolemba lija aliyense amabwera ndi wake.

Pali mawu awiri omwe sayenera kulowamo. Oyamba ndi lonjezo lakuti “sitidzakwezanso chaka chino”. Wophika salamulira dola kapena dizilo, ndipo lonjezo limene lasweka limawononga kalata zonse zam'tsogolo. Achiwiri ndi akuti “tagwirizana ndi ophika anzathu onse”. Ena amawalemba pofuna kuonetsa kuti si iwo okha, koma kupangana mitengo pakati pa opikisana pa malonda n'koletsedwa. Lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2024 m'malo mwa la 1998, linapatsa bungwe loona za mpikisano lija mphamvu zolipiritsa lokha chindapusa. Wophika aliyense awerenge zake, alembe zake.

Masabata awiri aja

Chinthu chamtengo wapatali m'kalatamo ndi nthawi.

Taonani mbali ya mayi wa golosale. Amatenga malofu 20 pa K2,000, amagulitsa pa K2,200. Mpamba wake wa buledi ndi K40,000 patsiku, phindu K4,000 ngati onse atha. Mtengo watsopano ukayamba, malofu omwewo afuna K44,000. Akagulitsa pa K2,400, phindu lake likadali K200 pa lofu, koma waika ndalama zambiri kuti apeze zomwezo.

Choopsa chake chili pa buledi wotsala. Lofu imodzi ikagona mpaka kuchita nkhungu, yadya phindu la malofu 11. Zikatsala ziwiri pa 20, tsiku limenelo wagwirira ntchito pachabe, ndipo watayapo K800 ya mpamba.

N'chifukwa chake mayi uja anati azimubweretsera 15 kaye. Sanakwiye. Akudziwa kuti sabata yoyamba ya mtengo watsopano anthu ena amagula theka la lofu, ena amabwerera ku mbatata, chinangwa chophika kapena nthochi, zomwe kuno sizisowa. Akufuna aone kaye kuti atsala ndani.

Masabata awiri amamupatsa mpata wochita zinthu zitatu zomwe m'mawa umodzi sungamulole. Asonkhanitse K4,000 yowonjezera pa mpamba. Alembe mtengo watsopano pa katoni n'kuupachika pa zenera, kuti makasitomala ake nawonso auone usanafike. Ndipo auze omwe amatenga pa ngongole n'kumalipira mwezi ukatha, omwe ku Luwinga ndi ambiri: aphunzitsi, anamwino, alonda, ogwira ntchito m'mafakitale a m'derali, ophunzira odikira ndalama kuchokera kwawo.

Wophika nayenso amapindula ndi nthawiyo. Akadziwa pofika Lachisanu kuti maoda atsika, Lamlungu usiku sakanda mtanda wonse. Pa mtengo watsopano, akaphika malofu 100 ayenera kugulitsa osachepera 89 kuti angobweza zomwe walowetsa. Kuphika mwachizolowezi pa sabata imene anthu akuchepetsa kungamudyere ndalama zonse zomwe amafuna kupulumutsa.

Makasitomala akuluakulu ndi nkhani ina. Sukulu yogonera konko, malo ogona alendo kapena kantini ya pakampani amagula potsata mtengo womwe unavomerezedwa pa pepala. Wolandira buledi kukhitchini alibe mphamvu yosintha nambala. Kalata iyenera kupita kwa woyang'anira zogula, kawirikawiri m'Chingerezi, ndipo imafuna mwezi wathunthu kapena kupitirira. Invoyisi yofika ndi mtengo womwe sunavomerezedwe imangokhala pa tebulo osalipiridwa. Ngati pali mgwirizano wolembedwa wonena kuti mtengo ukhala womwewo mpaka teremu itatha, kalata siingaufafanize. Chomwe wophika angachite ndi kupempha kuti akambiranenso.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Malonda a chakudya ku Luwinga amayenda ndi kalendala ya yunivesite. Ophunzira akapita kutchuthi, magolosale ozungulira amachepetsa okha maoda. Kukweza mtengo sabata yomweyo kumamusokoneza wophika, chifukwa sangadziwe ngati anthu athawa mtengo kapena angopita kwawo.

“Koma fulawa ndi wakale”

Mkangano waukulu pa kukweza mitengo umakhala pa katundu amene ali kale m'sitolo.

Wogula amati: matumba amenewo munagula pa mtengo wakale, bwanji mukutigulitsa pa watsopano? Wogulitsa amati: ndikagulitsa pa wakale, ndikagula bwanji ena?

Onse awiri ali ndi mfundo. Wophika amene ali ndi matumba 10 ogula pa K100,000 akawamaliza pa mtengo wakale, ndalama ya fulawa yomwe yabwerera ndi K1,000,000. Kooda imeneyo imugulira matumba 8 ndi chenje. Kuti abwezeretse 10 aja ayenera kutapa K150,000 pa phindu lake. Mpamba wa wamalonda suyezedwa ndi ndalama zomwe zili m'kabati, umayezedwa ndi katundu amene ndalamazo zingagule mawa.

Komabe pali kusiyana pakati pa kuteteza mpamba ndi kupezerapo mwayi. Wamalonda amene ali ndi katundu wa miyezi itatu n'kukweza m'mawa womwe wamva nkhani pa wailesi akukolola pomwe sanalime.

Kalata yokhala ndi tsiku lam'tsogolo imadula mkanganowu pakati. Wophika wamng'ono kawirikawiri sasunga fulawa wopitirira sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa cha kuchepa kwa mpamba komanso chinyezi cha Mzuzu chomwe chimaumbitsa ufa. Akapereka masabata awiri, ndiye kuti makasitomala ake adya nawo matumba akale pa mtengo wakale, ndipo iye wanyamula mbali ina ya mtolowo. Ndi mtengo umene amalipira kuti anthuwo adzakhalepobe mwezi wamawa, ndipo ndi bwino auwerengeretu asanalembe tsikulo. Amene mpamba wake sungapirire masabata awiri apereke imodzi. Chosayenera ndi kupereka ziro.

Buledi ali ndi mwayi umodzi: sasungika. Wogulitsa sopo kapena shuga akalengeza kuti akweza pakatha masabata awiri, makasitomala amathamangira kudzatenga katundu yense pa mtengo wakale. Iye ayenera kuwonjezera chiganizo chonena kuti mpaka tsikulo aliyense azitenga mlingo womwe amatenga nthawi zonse.

Pepala, foni ndi pakamwa

Masiku ano kalata zambiri zotere zimayenda pa WhatsApp. Mwini bekale amajambula pepala losainidwa n'kutumiza kwa aliyense payekha. Kutumiza m'gulu la makasitomala onse kumabweretsa msonkhano umene sanauitane: mmodzi akayamba kudandaula, ena omwe akanangovomera amalowerera.

Pepala lenilenilo likadali lofunika. Wa golosale amalionetsa kwa kasitomala amene akumunena kuti wakweza yekha. Limatetezanso mnyamata wa njinga, yemwe popanda pepala amaganiziridwa kuti akuwonjezera K200 ya m'thumba mwake. Mnyamatayo ayenera kuuzidwa zomwe zili m'kalatamo asananyamuke, ndipo adziwe kuti iye alibe mphamvu yotsitsira aliyense.

Makasitomala asanu kapena khumi akuluakulu, omwe amatenga theka la buledi yense, sayenera kumva kudzera pa pepala lokha. Mwini wake amapita yekha. Kuno malonje amayamba m'Chitumbuka, kufunsana za kunyumba ndi za ana, kenako nkhani ya fulawa, pepala n'kubwera pomaliza. Pamenepo ndi pomwe amamva zinthu zomwe kalata singamubweretsere: kuti bekale ina ya m'tauni yayamba kufika ndi galimoto mpaka ku Dunduzu, kuti buledi wake wakhala akufika mochedwa anthu atamwa kale tiyi, kuti K200 si vuto bola azilandira wotsala.

Pempho lomalizali limabwera kawirikawiri, ndipo wophika aliganizire asanayankhe. Kulandira lofu imodzi yotsala pa 20 iliyonse kumamudyera K110 pa lofu iliyonse yomwe watumiza, kuposa theka la K200 yomwe wangowonjezera. Ngati avomera, alembe malire ake m'buku, ndipo achite chimodzimodzi kwa onse. A magolosale a ku Luwinga amadziwana, amakumana kooda ndi kutchalitchi. Mmodzi akapatsidwa mtengo wapadera mwamseri, pofika Lamlungu onse amakhala atamva.

Lolemba la pa 16 likadutsa, wophika amatsegula buku la maoda n'kuyerekeza ndi la mwezi wapitawo, golosale ndi golosale. Amene anatsika kuchoka pa 20 kufika pa 15 n'kuyamba kukweranso sabata yachiwiri, ameneyo anali kungoyesa msika. Amene watsika n'kukhala pomwepo, makasitomala ake achepadi, ndipo mwina akufunika lofu yaing'ono ija. Amene wasiyiratu osanena kanthu wapeza wina womupatsa buledi, ndipo ndi woyenera kumuyendera sabata yomweyo, ngongole yake isanakalambe m'buku.